Kusiyanitsa Mitundu Iwiri ya Chiwawu pa Masamba a Matimati

Aphunzitsi ndi ophunzira amene mumasamalira dimba la sukulu, ndi inu nonse amene mumalima matimati kuseri kwa nyumba m'makomboni a Kabwe monga Bwacha, Chowa ndi Makululu, phunziro lathu lero ndi la chiwawu. Masamba a matimati akayamba kuda ndi kuuma, ambiri timangoti "chiwawu chagwa", n'kuthamangira kukagula mankhwala. Koma matendawa ndi awiri osiyana. Amodzi amadya mbewu pang'onopang'ono kwa masabata angapo, pamene enawo angathe kumaliza dimba lonse m'masiku 7 mpaka 10. Wosadziwa kuwasiyanitsa amataya ndalama, kapena kutaya masiku amene akadapulumutsira mbewu zake.

M'mabuku a zaulimi matendawa amatchedwa chiwawu chofulumira ndi chiwawu chochedwa, ndipo m'masitolo a mankhwala mudzamva akuti "ale bulaiti" ndi "leti bulaiti". Mainawa asakusokeretseni. Chochedwacho chingathe kugwira ngakhale mbande zapanazale, ndipo ndicho chimapha msanga. Ndicho chomwe chinawononga mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845, n'kudzetsa njala yoopsa. Choncho tisadalire dzina kapena msinkhu wa mbewu. Tiphunzire kuwerenga tsamba lenilenilo.

Poyamba yang'anani pamene matenda ayambira. Chiwawu chofulumira chimayambira pa masamba akale, apansi, oyandikana ndi dothi, ndipo chimakwera m'mwamba pang'onopang'ono. Chifukwa chake n'chakuti nkhungu yoyambitsa matendawa imakhala m'zotsalira za mbewu zakale, ndipo madontho a mvula amaithovutsira pa masamba apafupi. Imakondanso tsamba lokalamba ndi mbewu yofooka, monga imene yalemedwa ndi zipatso koma chakudya chikuchepa m'nthaka. Chiwawu chochedwa sichisankha tsamba. Mbewu zake zimabwera ndi mphepo kuchokera m'madimba ena, motero mungachipeze kunsonga, pa masamba anthete.

Kachiwiri, thothola tsamba mulipenyetsetse banga lake. Banga la chiwawu chofulumira ndi louma, lofiirira moderapo, lalikulu ngati njere ya chimanga kapena kuposerapo pang'ono, ndiko kuti mamilimita 6 mpaka 12. Mkati mwake muli mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake, monga mizere imene mumaona pa chitsa cha mtengo wochekedwa ndi sowo. Mizereyi ndiyo umboni waukulu. Banga la chiwawu chochedwa lilibe mizere, ndiponso lilibe maonekedwe amodzi. Limayamba ngati pamene pagwera madzi otentha: pobiriwira motuwa, ponyowa, kawirikawiri kunsonga kapena m'mphepete mwa tsamba. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri banga lija limakula, lida, ndipo lingathe kutenga theka la tsamba.

Tsopano tifike pa mkombero wachikasu, pakuti apa ndi pamene ambiri amalakwa. Mabanga a mitundu yonse iwiri angathe kuzunguliridwa ndi mkombero wowala. Pa chiwawu chofulumira mkomberowo ndi wachikasu chenicheni, chifukwa nkhunguyo imatulutsa ululu umene umapha kubiriwira kwa tsamba patsogolo pake. Mabanga akachuluka, chikasucho chimalumikizana mpaka tsamba lonse lisanduka lachikasu, kenaka liuma ndi kugwa. Pa chiwawu chochedwa mkomberowo ndi wobiriwira mofooka, wachikasu pang'ono chabe, ndipo tsamba silikhala ndi nthawi yosanduka lachikasu lonse: limachoka pa kubiriwira n'kuda, lili lolendewerabe pa mtengo. Mkombero pawokha sukwanira kugamula mlandu. Muuwerenge pamodzi ndi zimene zili mkati mwa banga.

Nyengo nayonso imachitira umboni. Chiwawu chofulumira chimakonda kutentha kwa madigiri 24 mpaka 29, makamaka pamene masamba anyowa ndi kuuma mosinthanasinthana. N'chifukwa chake chimapezeka ngakhale mu Sepitembala ndi Okutobala m'madimba othiriridwa ndi kheni pamwamba pa masamba. Chiwawu chochedwa chimafuna kuzizira kwa madigiri 15 mpaka 21 ndi chinyontho chokhalitsa. Kabwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,100, motero usiku wa m'dzinja umazizira mokwanira. Chenjerani kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale pamene mvula yamvumbi yagwa masiku angapo dzuwa osaoneka.

Tiyerekeze kuti ndi Lolemba m'mawa mu Febuluwale, ndipo dimba la sukulu lili ndi mitengo 60 ya matimati imene yayamba kubereka. Mvumbi wagwa kuyambira Lachisanu. Ophunzira apeza kuti pafupifupi mitengo yonse ili ndi masamba apansi achikasu okhala ndi mabanga amizere. Apezanso mitengo itatu, pakona pamene pali mthunzi wa mango, ili ndi mabanga aakulu otuwa pa masamba apamwamba. Diso limathamangira ku mitengo yambiri yachikasuyo, komatu ngozi yeniyeni ili pa itatu ija.

Kuti mutsimikize, tembenuzani tsamba lokayikitsalo mame asanaume. Ngati ndi chiwawu chochedwa, kunsi kwake, m'malire mwa banga, mudzaona nkhungu yoyera yopyapyala ngati ufa wowazidwa. Dzuwa likakwera nkhunguyo siionekanso bwino. Zikatero, ikani tsambalo m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi pepala lonyowa, mumange, muike pamthunzi pozizira mpaka m'mawa mwake. Kuyera kuja kukatuluka, mlandu watha. Tsamba la chiwawu chofulumira silitulutsa nkhungu yoyera chotero. Onaninso zipatso: chofulumira chimapanga banga lakuda, lolowa mkati, lamizere, pafupi ndi phesi, pamene chochedwa chimapanga chigamba chachikulu chofiirira, cholimba, chonyezimira ngati chapakidwa mafuta.

Mukatsimikiza, mitengo itatu ija izulidwe tsiku lomwelo, iikidwe m'thumba pomwepo kuti mbewu za matenda zisamwazike, ndipo ikakwiriridwe kutali ndi dimba, osati pa mulu wa manyowa. Pa mitengo 57 yotsalayo chotsani masamba apansi odwala pamene auma mame, mangirirani mitengo ku timitengo, phimbirani nthaka ndi udzu wouma, ndipo thirirani pansi, osati pa masamba.

Kusiyanitsa kwanu kudzakuthandizaninso posankha mankhwala. Mankozebu ndi mankhwala a kopa amatchinjiriza ku mitundu yonse iwiri, koma sachiza tsamba lodwala kale. Amangoteteza lamoyo, ndipo mvula yamphamvu imawatsuka. Mankhwala otchedwa metalakisili amalowa mkati mwa mbewu ndi kulimbana ndi chiwawu chochedwa, koma pawokha alibe mphamvu pa chofulumira, pakuti kachilombo ka chochedwa si nkhungu yeniyeni, ndi ka banja lina. N'chifukwa chake amagulitsidwa osakaniza ndi mankozebu. Tsatirani muyeso wolembedwa pa paketi, ndi masiku oyembekezera musanathyole zipatso. Kupopera ndi ntchito ya munthu wamkulu wovala zodzitetezera, osati ya ana a sukulu.

Chaka chamawa musabzale matimati, kachewere kapena mabiringanya pamalo omwewo. Papite zaka ziwiri kapena zitatu. Ndipo masiku onse a mvumbi, yendani m'dimba m'mamawa, mutembenuze masamba angapo a kunsonga ndi a pamthunzi. Mukakayikabe, tengerani tsamba lija m'kapepala kake kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu tsiku lomwelo.