Mutu wa nkhani wokula molingana ndi sikirini

Mawu akuti "Zosayembekezereka" ali ndi zilembo 17. Akakhala mutu wa nkhani pa tsamba la pa intaneti, zilembo zake zili pa msinkhu wa mapikiselo 64, amaoneka bwino pa kompyuta. Koma pa foni ya sikirini ya mapikiselo 360 m'lifupi sakwana, chifukwa amafuna malo oposa mapikiselo 500. Zilembo zomalizira zimabisika, ndipo wowerenga amachita kukankha tsamba ndi chala kuti azione. Chichewa chili ndi mawu ataliatali ambiri, choncho vutoli timakumana nalo kawirikawiri.

Kale opanga masamba ankaika misinkhu iwiri kapena itatu: wa foni, wa tabuleti ndi wa kompyuta. Mutu unkadumpha kuchoka pa msinkhu wina kufika pa wina, ndipo sikirini yogwera pakati inkalandira zilembo zosaiyenera. Kuyambira mu 2020, mabulauza akuluakulu monga Chrome, Firefox ndi Safari onse amamva lamulo la CSS lotchedwa `clamp()`, lomwe limachotsa kudumphako.

Lamuloli limalandira zinthu zitatu motsatana: msinkhu wochepetsetsa, msinkhu wofunidwa, ndi msinkhu waukulu koposa. Wapakatiwo ndi umene umasintha, pomwe awiri enawo ali ngati mpanda woletsa mutu kuchepa kapena kukula mopitirira.

```css
h1 { font-size: clamp(2rem, 1rem + 4vw, 4rem); }
```

Pa mabulauza ambiri `1rem` ndi mapikiselo 16, ngati mwini foni sanasinthe. Ndiye kuti mutu uwu sungachepere mapikiselo 32 ndipo sungapose 64. Nayo `1vw` ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a m'lifupi mwa sikirini.

Manambala apakatiwo sachita kulota, amawerengetsera. Tinene kuti tikufuna mapikiselo 32 pa sikirini ya 400, ndi 64 pa sikirini ya 1200. Mutu ukule ndi 32 pamene sikirini yakula ndi 800. Tikagawa 32 ndi 800 tipeza 0.04, yomwe ndi `4vw`. Tsono pa sikirini ya 400, `4vw` ikupereka mapikiselo 16 okha, pomwe ife tikufuna 32. Otsala 16 aja ndiwo `1rem` yomwe taphatikizapo. Pa tabuleti ya 768 mutu umakhala pafupifupi mapikiselo 47. Pa foni ya 360 masamu akupereka 30.4, koma mpanda wam'munsi umaukweza kufika pa 32, ndipo "Zosayembekezereka" amakwana pamzere umodzi pa mitundu yambiri ya zilembo.

Ena amafupikitsa ntchito polemba `5vw` yokha pakati, osaphatikizapo `rem`. Ine njira imeneyi sindigwirizana nayo, chifukwa imapweteka anthu a maso ofooka. Munthu akakulitsa tsamba pa kompyuta, zilembo zoyezedwa ndi `vw` yokha sizikula nawo mpaka mpanda wam'munsi utayamba kugwira ntchito. Nkhani yonse imakula, mutu n'kukhala pomwepo. Malangizo a WCAG amafuna kuti wowerenga azitha kukulitsa zilembo kuwirikiza kawiri popanda kutaya kanthu.

Ngakhale `rem` ilipo, nkhaniyi siithera pomwepo. Pa chitsanzo chathu, munthu wa sikirini ya 1200 akakulitsa tsamba kufika pa 200 peresenti, bulauza imaona ngati m'lifupi ndi 600. Masamu amapereka 40, ndipo kuwirikiza kawiri n'kukhala 80. Mutu wachoka pa 64 kufika pa 80 basi. Kuti ufike pa 128 ayenera kukulitsa mpaka 400 peresenti. Chrome imalola mpaka 500 peresenti, n'chifukwa chake amisiri amalangiza kuti msinkhu waukulu usapose wochepawo kuwirikiza kawiri ndi theka. Wathuwu wawirikiza kawiri, uli m'kati mwa malire.

Mutu ukakana kusintha, yang'anani kaye chizindikiro chophatikizira. Chimafuna mpata mbali zonse ziwiri. Mukalemba `1rem+4vw` mothinana, bulauza imataya mzere wonsewo osanena kanthu, ndipo mutu umabwerera pa msinkhu wina. Mukadina `F12` pa Chrome n'kusankha mutuwo, mzere wolakwikawo umaoneka wokhwatchidwa. Ngati pa foni tsamba lonse likuoneka laling'onoling'ono, mwina mukusowa mzere uwu kumutu kwa tsamba:

```html
<meta name="viewport" content="width=device-width, initial-scale=1">
```

Popanda mzerewu, mafoni ambiri amayala tsamba ngati kuti sikirini ndi ya mapikiselo 980, ndipo `vw` imawerengera pamenepo.

Poyesa, kokani m'mphepete mwa windo la bulauza pang'onopang'ono, muone ngati mutu ukukula mosadumpha n'kuima pa 400 ndi pa 1200. Kenako dinani `Ctrl` ndi `+` kangapo. Ndipo yesani ndi mutu weniweni wokhala ndi mawu aatali kwambiri amene mungalembe, chifukwa mawu aafupi amakwana paliponse ndipo sangakuululireni vuto.