Kugwirira ntchito kunyumba: mfundo zoyenera kulembedwa anthu asanachoke mu ofesi

Kuyambira mu 2020, pamene matenda a Covid-19 anafika m'Malawi, maofesi ambiri anazolowera kulola antchito awo kugwirira ntchito kunyumba. Koma m'malo ambiri chilolezocho chinangokhala cha pakamwa. Zinthu zimayenda bwino mpaka tsiku limene magetsi azima, foni sikuyankhidwa kapena laputopu yasowa, ndipo pamenepo bwana ndi wantchito amayamba kulozana zala. Ndondomeko yolembedwa imathandiza chifukwa imayankhiratu funso limodzi: zinthu zikasokonekera, ndani achite chiyani, ndipo alipire ndani?

Tiyerekeze ndi kampani yaing'ono ya ku Blantyre imene imawerengera makampani ena malipiro a antchito awo. Mayi wina wa pakampanipo wapempha kuti azigwirira ntchito kwawo ku Chilomoni masiku atatu pa sabata. Mu laputopu yake muli mayina a anthu, malipiro awo ndi nambala za maakaunti awo a kubanki. Kodi abwana ake alembe zotani asanavomere?

Poyambira ndi maola. Lamulo la za ntchito la 2000 silisiya kugwira ntchito chifukwa munthu ali kunyumba. Limanena kuti maola a nthawi zonse asapitirire 48 pa sabata, ndipo ovataimu ya tsiku la ntchito imalipidwa kamodzi ndi theka, pomwe ya tsiku lopuma kapena la holide imalipidwa kawiri. Ngati mayiyu amalandira K4,000 pa ola, ola lowonjezera la Lachitatu ndi K6,000, la Lamulungu ndi K8,000. Vuto ndi lakuti kunyumba palibe amene amamuona akuweruka. Pakutha pa mwezi, malipiro akathina, akhoza kugwira mpaka usiku, kenako bwana n'kukana kuti sanamutume. Choncho ndondomeko itchule nthawi yoyambira ndi yowerukira, mwachitsanzo 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo inene kuti ovataimu iliyonse ivomerezedwe polemba isanagwiridwe, ngakhale pa imelo yaifupi. Maola alembedwe tsiku ndi tsiku pa fomu imodzi imene onse awiri amaiona.

Kugwira ntchito ndi kupezeka ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mikangano yambiri imabadwira apa. Mawu akuti “wantchito azipezeka nthawi zonse” sathandiza aliyense, chifukwa bwana amawamva ngati chilolezo choimba foni usiku, pomwe wantchito amawamva ngati kuyankha akapeza mpata. Lembani zoyezeka. Mwachitsanzo, kuyambira 9 mpaka 12 koloko ndiponso 2 mpaka 4 koloko mayiyu akhale pa kompyuta. Foni ya ku ofesi aibweze mphindi 30 zisanathe. Imelo aiyankhe tsiku lomwelo. Mbali inayo ilembedwenso: uthenga wobwera ataweruka udikire m'mawa, pokhapokha pa zinthu zadzidzidzi zimene zatchulidwa mayina, monga malipiro akakanika kudutsa kubanki. Ngati kampani ili ndi makasitomala ku Britain, kumbukirani kuti nthawi ya kumeneko imatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo, ndiye msonkhano wa 4 koloko kwa iwo ukhoza kukhala 6 koloko kuno.

Ndondomeko yongokopera kunja imaiwala magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linakhala miyezi yambiri magetsi akuzimazima. Batire ya laputopu imene yayamba kukalamba imatha m'maola awiri kapena atatu. Tsono palembedwe kuti magetsi kapena netiweki zikachoka, mayiyu adziwitse womuyang'anira mphindi 15 zisanathe, ndipo ngati vutolo lipitirira maola awiri, apite ku ofesi kapena agwirizane nthawi yobwezera ntchitoyo. Popanda mfundo imeneyi, wolimbikira ndi waulesi yemwe onse amapereka chifukwa chimodzi, ndipo bwana sangathe kuwasiyanitsa.

Pa zipangizo, chilichonse chimene kampani yapereka chilembedwe pa fomu yosainira: laputopu ndi nambala yake, chaja, foni, kachipangizo ka intaneti, ndi mmene zinalili pozipereka. Pamveke kuti chikawonongeka chokha chifukwa cha kukalamba, amakonza ndi kampani, koma chikawonongeka chifukwa cha kusasamala, nkhani imafufuzidwa kaye ndipo wantchito amamvedwa asanagamulidwe. Bandulo ya intaneti isangoyerekezedwa. Msonkhano wa pa vidiyo wa ola limodzi umatha kudya gigabaiti yathunthu, choncho ndi bwino kuyeza mwezi woyamba, kenako n'kukhazikitsa mlingo. Bandulo ikakhala yoperewera, wantchito amayamba kufunafuna Wi-Fi yaulere, ndipo pamenepo zinsinsi za kampani zimakhala pangozi.

Gawo la zinsinsi ndiye lofunika kulilemba mosamala kwambiri. Mu 2024 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya anthu, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limayang'anira. Kampani imene imasunga mayina ndi malipiro a anthu imakhalabe ndi udindo ngakhale mafailo ali patebulo la ku Chilomoni. Mfundo zake zikhale zochepa koma zomveka. Laputopu ya ntchito isagwiritsidwe ndi wina aliyense, ngakhale mwana wofuna kuonera katuni. Akamachoka pampando aitseke ndi mabatani a Windows ndi L. Zonse za mkati mwake zikhale zokhomedwa ndi pulogalamu monga BitLocker, kuti wakuba akachotsa diski asathe kuwerenga kanthu. Polowa mu imelo pasakhale pasiwedi yokha, pakhalenso nambala yotsimikizira yobwera pa foni. Mafailo asungidwe pamalo a kampani, asatumizidwe pa WhatsApp, pa imelo ya iye mwini kapena kuikidwa pa fulashi. Mapepala osindikiza akhale m'kabati yokhoma, ndipo akatha ntchito abwerere ku ofesi kukawonongedwa.

Tsopano tinene kuti Lachinayi mayiyu watsika minibasi ku Limbe n'kupeza chikwama cha laputopu palibe. Ndondomeko yabwino imamuuza woti amuimbire komanso kuti aimbe ola lisanathe. Woona za makompyuta amatseka akaunti yake nthawi yomweyo, amasintha mapasiwedi, ndipo ngati n'kotheka amafufuta za mu laputopuyo ali kutali. Mayiyu amakapereka lipoti kupolisi, ndipo kampani imalemba mndandanda wa mafailo amene analimo ndi anthu amene akukhudzidwa. Liwiro limeneli lili ndi chifukwa chake: lamulo la 2024 limapereka maola 72 oti kampani idziwitse MACRA mbiri ya anthu ikagwera m'manja olakwika. N'chifukwa chake palembedwenso kuti wonena msanga sadzalangidwa chifukwa chonena. Munthu woopa kuchotsedwa ntchito amakhala chete mpaka Lolemba, ndipo masiku amenewo wakuba amakhala ndi mpata wonse.

Mungadziwe kuti ndondomeko yayamba kufooka mukaona mauthenga a ntchito akuyenda usiku, mafailo akuchokera ku maimelo a eni ake, kapena fomu ya maola ikudzazidwa kamodzi pakutha pa mwezi. Zikatero, khalani pansi ndi antchito, mumve chimene chikuwavuta, ndipo mukonze mfundoyo. Masamba awiri kapena atatu ndi okwanira, ndipo ndi bwino kuwaunikanso pakatha miyezi 6. Inu olemba anzanu ntchito, musalole laputopu kutuluka pakhomo la ofesi mfundozi zisanasainidwe. Nanunso antchito, musavomere kugwirira kunyumba musanaone polembedwa maola anu, zipangizo zanu ndi nambala yoimba zinthu zikavuta.