Chiwongoladzanja Chobereka Chinzake: Nkhani ya Mphunzitsi Wachinyamata

Ndalama yosungidwa kubanki kapena ku SACCO imabereka chiwongoladzanja. Mwini wake akapanda kutapa chiwongoladzanjacho, chimaphatikizidwa ku mpamba, ndipo chaka chotsatira nachonso chimayamba kubereka. Nkhani yongoyerekeza ya mphunzitsi wina wa pulayimale ikuonetsa mmene zimenezi zimayendera.

Mphunzitsiyu anayamba ntchito ali ndi zaka 24. Atadzimana kwa miyezi ingapo anasonkhanitsa K200,000 n'kukaisungitsa pamalo opereka K12 pa K100 iliyonse pachaka. Chaka chitatha anapeza K24,000 pamwamba, ndipo anakhumudwa poona kuchepa kwake. Mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo anamulangiza kuti asaikhudze. Chaka chachiwiri chiwongoladzanja chinawerengedwa pa K224,000, choncho chinakwana K26,880. K2,880 yowonjezerayo inabadwa kuchokera ku chiwongoladzanja cha chaka choyamba, mwini wake osaikapo tambala.

Zaka zoyambirira ndi zimene zimagwetsa anthu ulesi, chifukwa kusiyanako kumaoneka kochepa. Mphunzitsi wamkulu uja anamuphunzitsa masamu achidule: kugawa 72 ndi mlingo wa chiwongoladzanja kumasonyeza zaka zimene ndalama imatenga kuti iwirikize kawiri. Pa 12 peresenti ndi zaka 6. Pomatha zaka 6 ndalama ija inali pafupifupi K395,000, pomatha zaka 12 inali K779,000, ndipo pa zaka 24 inapitirira pang'ono K3 miliyoni. M'chaka cha 24 chokha inabereka K325,000, kuposa mpamba wonse umene anayamba nawo. Akanamatapa K24,000 chaka ndi chaka, zonse pamodzi ndi mpamba zikanangokwana K776,000. Akanatopa n'kutulutsa ndalamayo pa zaka 18, akanapeza theka lokha, pakuti kuwirikiza komaliza ndiko kwakukulu kuposa konse.

Komabe manambalawa ali ndi malire ake. Mitengo ya zinthu ikamakwera mofulumira kuposa chiwongoladzanja, ndalama imachuluka m'buku koma imagula zochepa pamsika. M'Malawi muno kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo m'chakacho mitengo inakwera kuposa 20 peresenti. Pa nthawi yotero wolandira 12 peresenti amakhala akutaya. N'chifukwa chake mphunzitsiyu anazolowera kuyerekeza chiwongoladzanja chake ndi kukwera kwa mitengo chaka chilichonse, atachotsera msonkho ndi zolipira za kubanki, ndipo gawo lina analiika m'masheya a pa Malawi Stock Exchange. Kumeneko phindu limene kampani yagawa amaguliranso masheya ena, ngakhale mtengo wake umatha kutsika.

Masamu omwewa amaluma munthu wangongole. Katapila wa 50 peresenti pamwezi, chiwongoladzanja chikamaphatikizidwa ku ngongole, amasandutsa K100,000 kukhala K337,500 m'miyezi itatu yokha. Choncho mphunzitsiyu akagwa m'ngongole yotere, ankayamba waibweza asanawonjezere kalikonse ku ndalama yosunga.