Kodi mumadziwa? Ndalama imatha kuchuluka kubanki koma ikuonda

Kodi mumadziwa kuti ndalama yanu ingathe kukwera pa sitetimenti ya kubanki, koma mukafika nayo pamsika wa Zolozolo n'kupeza kuti yafupika? Wakuba ameneyu sathyola chitseko ndipo alonda samuona. Dzina lake ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo mu Januwale 2024 liwiro lake m'Malawi muno lidafika 35 peresenti pachaka.

Tiyeni tiyerekeze. Bambo wina wa ku Zolozolo akufuna kuwaka nyumba ya alendi kuseri kwa yake, ndiye wasunga K500,000 kubanki. Titati thumba la simenti lili pa K25,000, ndalamayo lero ndi matumba 20.

Bamboyo akuti adikire kaye chaka chimodzi, ndalama ibereke. Tinene kuti banki ikupereka chiwongoladzanja cha 5 peresenti, ndiye kuti K25,000. Koma kodi mumadziwa kuti chiwongoladzanja nachonso chimadulidwa msonkho wa 20 peresenti wopita ku MRA? Pamenepo K5,000 yapita, ndipo mu akaunti mwatsala K520,000.

Bamboyo akumwetulira, nambala yakwera. Koma m'chaka chomwecho mitengo yakwera ndi 30 peresenti, moti thumba lija tsopano lili pa K32,500. Gawani K520,000 ndi mtengo umenewo muone: matumba 16 okha basi!

Matumba anayi apita kuti? Palibe waba, banki sidamunamize, ndipo sitetimenti ili bwinobwino. Chiwongoladzanja chonse cha chaka, K20,000 ija, sichikugula ngakhale thumba limodzi.

Kodi mumadziwa kuti mungathe kudziwerengera nokha pafoni? Tengani 100 muwonjezere chiwongoladzanja chotsala msonkho utachoka, apa ndi 104, kenako mugawe ndi 100 wowonjezera kukwera kwa mitengo, apa ndi 130. Yankho ndi 0.80, kutanthauza kuti pa K5 iliyonse ya bamboyo, K1 yasungunuka.

Yankho likaposa 1, ndalama yanu yabereka zenizeni. Likachepera 1, mukulipira kuti akusungireni, ngakhale meseji ya kubanki ikubwera ndi nkhani yokoma mwezi ndi mwezi.

Nanga kuisunga pansi pa matiresi? Kumeneko ndiye kumaliro, chifukwa K500,000 yogona m'nyumba ikugula matumba 15 ndi chenji pang'ono. Banki yangomupulumutsira thumba limodzi, ndi kumuteteza ku makoswe.

Kodi mumadziwa kuti mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti chaka ndi chaka, zinthu zimafika pa mtengo wowirikiza kawiri zaka zitatu zisanakwane? Mwana amene wayamba Fomu 1 lero, akamalowa Fomu 4 ndalama imene mudamusungira m'chitini idzakhala ikugula zosakwana theka la zimene ikadagula poyamba.

Chitsanzo china chili m'thumba mwanu. Pepala la K5,000 lidatuluka mu Febuluwale 2022, ndipo nthawi imeneyo linkasinthitsidwa ndi madola a ku America pafupifupi 6. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pepala lomwelo silinkakwananso madola atatu.

Kodi mumadziwa kuti nambala ya kukwera mitengo imene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imalengeza mwezi uliwonse ndi ya dengu la zinthu zosakaniza? Muli chimanga, lendi, thiransipoti, zovala ndi zina. Ngati ndalama yanu yambiri imathera pa ufa ndi ndiwo, mbola yanu idali yoposa ya anzanu, pakuti kumayambiriro kwa 2024 mitengo ya zakudya inkakwera ndi zoposa 40 peresenti.

Ndipo musamavine msanga mukamva pawailesi kuti nambalayo yatsika. Ikachoka pa 35 kufika pa 28, sikuti mitengo yatsika ayi, yangochepetsa liwiro ngati minibasi pa hampu. Sopo wa K1,000 chaka chamawa adzakwerabe kufika pa K1,280.

Nanga kodi mumadziwa kuti mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kufika pa 26 peresenti? Nambalayo imaoneka yoopsa kwa wokongola, koma idali pansibe pa liwiro la mitengo. Ngati 26 adalephera kupikisana ndi 35, nanga 5 wa bambo uja akadatani?

Akuluakulu a ku Zolozolo amene adaona chaka cha 1995 angakuuzeni kuti izi n'zocheperapo. Chaka chimenecho mitengo idakwera ndi zoposa 80 peresenti. Pa liwiro limenelo, matumba 20 a bambo uja akadatsala 11.