Khobidi la m'sutikesi ya agogo: kajambulidwe koti katswiri alizindikire

Agogo atamwalira, m'sutikesi yawo yachitsulo munapezeka kansalu komanga mfundo, m'kati mwake muli khobidi lakuda loboola pakati. Msuweni wanga analiika pachikhatho, n'kulijambula usiku ndi fulashi ya foni, n'kutumiza chithunzicho kwa bambo wina wosonkhanitsa ndalama zakale. Yankho linabwera lalifupi: "Ndaona dzanja lanu, koma ndalamayo sindinaione." Ankanena zoona. Pachithunzipo mizere ya chikhatho inkaoneka bwinobwino, pamene khobidilo linali kadontho kakuda kothwanima pakati.

Katswiri akalandira chinthu m'manja amachitembenuza, amachipendeketsa ku kuwala, amamva kulemera kwake, amayang'ana m'mbali. Mukamutumizira chithunzi mwamulanda zonsezo, ndiye ntchito yanu ndi kumubwezera zimene mwamulandazo chimodzichimodzi. Kukongola kwa chithunzi kulibe naye ntchito. Chimene akufuna ndi mayankho a mafunso ake.

Kwa ife a kuno, ndalama yoboola imangotikumbutsa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, koma zoboola zinalipo zamitundumitundu. Peni ya chitaganya, imene inasulidwa pakati pa 1955 ndi 1963, ili ndi njovu ziwiri zoimirira kuzungulira bowo, ndipo theka la peni lili ndi akadyamsonga. Peni ya Southern Rhodesia, yomwe inayamba mu 1934, nayonso ndi yoboola, chimodzimodzinso masenti a ku East Africa okhala ndi minyanga ya njovu. Zonsezi zikafufutika ndi kuda, pachithunzi chojambulidwa mwachisawawa zimafanana ngati nyemba za m'thumba limodzi.

Tsiku lotsatira tinayambiranso, masana. Tinayala pepala lotuwa lopanda zolemba patebulo pafupi ndi zenera, pamalo owala koma posafika dzuwa lenilenilo. Chitenje chamaluwa sichiyenera kukhala pansi, chifukwa kamera imakopeka ndi maluwawo n'kusiya chinthu chanu chili mbuu. Fulashi tinazimitsa, diso la kamera tinalipukuta ndi kansalu kofewa. Ambiri amaganiza kuti kuyandikitsa kwambiri foni ndiye kuonetsa zambiri, koma mafoni ochuluka amalephera kuona bwino chinthu chimene chayandikira kuposa masentimita 10. Ndi bwino kukhala pa masentimita 15 kapena 20, n'kukoka chithunzi kawiri kokha, osapitirira apo. Dzanja limanjenjemera ngakhale mwini wake asakumva, choncho foni tinaigoneka pa mabuku osanjikiza, diso lake litatulukira kunja kuyang'ana pansi molunjika. Kulunjikako n'kofunika: foni ikapendekeka, chozungulira chimaoneka ngati dzira ndipo muyeso umasokonekera. Kenako tinagunda chala pa khobidilo pagalasi la foni kuti kamera idziwe choyang'ana.

Pambali pake tinagoneka rula ya mwana wasukulu, mbali ya mamilimita itayandikira khobidilo. Rula iyenera kukhala pamsinkhu umodzi ndi nkhope ya chinthucho. Pa ndalama izi sizivuta, koma ngati mukujambula chinthu chokhuthala, monga kabotolo, rula ili pansi patebulo, chinthucho chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili chifukwa chayandikira kamera. Zikatero ikwezeni rulayo pa kabokosi. Chala kapena chikhatho si muyeso, pakuti manja a anthu amasiyana. Chithunzi chathu chinaonetsa mamilimita 27, ndipo nambala yokhayo inachotsa theka la peni, lomwe ndi mamilimita 21, ndi masenti 10 a ku East Africa, omwe amapitirira pang'ono mamilimita 30. Zinatsala ziwiri, peni ya chitaganya ndi ya Southern Rhodesia, chifukwa izi n'zofanana kukula.

Apa m'pamene panafunika luso limene ine ndimalikonda kuposa onse. Kuwala kochokera kutsogolo kumafafaniza zolemba zofufutika, chifukwa chimene chimaonetsa chilembo chotukuka si mtundu wake, koma kamthunzi kamene chimaponya. Taganizani za munda wa mizere yakale yophwasuka: masana dzuwa lili paliwombo mumangoona thyathyathya, koma m'mawa likamatuluka mzere uliwonse umaonekera ndi mthunzi wake. Ndalama nayonso ndi choncho. Tinatseka makatani, n'kugoneka tochi yaing'ono patebulo, pafupifupi chikhatho chimodzi kuchoka pa khobidilo, kuti kuwala kudutse mokwawa pankhope pake. Chimene chinali chakuda bii chinayamba kuyankhula. Kumanzere kwa bowo kunatuluka msana wokhota ndi chitamba chokwezedwa m'mwamba. Njovu. Peni ya Southern Rhodesia ilibe nyama, ili ndi duwa, ndiye funso linathera pomwepo.

Chaka ndicho chinativuta. Titatembenuza, manambala 195 anaoneka, koma yomaliza inkakhala ngati 1 kapena 7. Mzere umene wagona motsata njira ya kuwala suponya mthunzi, choncho umabisala. Tochi ili kumanzere, kamzere kopingasa ka pamwamba pa 7 sikankaoneka. Titaisunthira kumtunda kwa khobidilo, foni osaigwedeza, kamzereko kanatulukira: 1957. N'chifukwa chake nkhope iliyonse muziijambula kanayi, tochi ili kumanzere, kumanja, kumtunda ndi kumunsi. Chaka si nkhani yaing'ono. Mashereni a Southern Rhodesia ofika 1946 ali ndi siliva, pamene oyambira 1947 alibe, ndipo kusiyana konseko kwagona pa nambala imodzi. Palinso tizilembo tating'ono kwambiri timene timanena kumene ndalama inasulidwira, monga H kapena KN pa masenti ena a ku East Africa. Mukaona kachilembo kali pakokha, kajambuleni pakokhanso.

Chinthu chimodzi ndikupempha ndi mtima wonse: musachitsuke. Msuweni wanga anali atatenga kale phulusa ndi ndimu kuti khobidi liwale lisanajambulidwenso, ndipo ndinamugwira dzanja. Kukwecha kumadya chitsulo pamalo otukuka, pamene pali zolemba zomwe mukufuna kuwerenga, ndipo osonkhanitsa ndalama akaona yokwechedwa amaitsitsa mtengo. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa kouma, basi. Ming'alu ndi zipsera musazibise, nazonso ndi umboni.

Pomaliza tinaliimika pakati pa timabokosi tiwiri ta machesi kuti tijambule mkombero wake, womwe unali wosalala. Anthu amaiwala malo obisika ngati amenewa, chonsecho ndi kumene opanga zinthu amakonda kusiya chizindikiro: kunsi kwa mbale, m'kati mwa mphete, kuseri kwa supuni. Pa makina osokera a Singer, nambala yodindidwa pathupi lake ndi imene imathandiza kudziwa chaka chimene anapangidwa.

Potumiza pa WhatsApp tinasankha Document, chifukwa kutumiza ngati chithunzi wamba kumachepetsa fayilo n'kufufuta tizilembo tomwe tinavutikira. Tinalembanso m'mawu zimene kamera singanene: kumene linapezeka, kuti agogo aamuna anagwirapo ntchito ku Halale, komanso kuti maginito sakuligwira. Chithunzi chili ndi malire ake. Sichinena kulemera, ndipo mtundu wa chitsulo umasintha ndi babu ya m'nyumba, motero funso loti chinthu ndi siliva weniweni kapena chachinyengo limafuna sikelo ndi manja a katswiri.

Bambo uja anayankha madzulo omwewo kuti ndi peni ya chitaganya ya 1957, yofufutika ndithu, ndipo poti anasula zambirimbiri, pamsika siingagule kanthu kooneka. Msuweni wanga anaikulunganso m'kansalu ka agogo komwe kaja, pamodzi ndi kapepala kolembapo dzina lake ndi chaka chake.