Ufa Ukamachedwa, Kalata Ilankhule ndi Masiku

Mayi wina wophika buledi ku Limbe amadikira matumba 40 a ufa Lolemba lililonse. Mwezi watha galimoto inafika Lachitatu kawiri, kenako Lachinayi, ndipo uvuni unazizira masiku awiri. Kukalipa pafoni sikunathandize, chifukwa mawu a pafoni sasiya umboni.

Kalata yake inayamba ndi zimene kampaniyo singakane: nambala ya oda iliyonse, tsiku limene anagwirizana, ndi tsiku limene dalaivala anasainitsa pepala loperekera katundu. Apa mpamene ambiri timalakwitsa, timasaina osalemba tsiku ndi nthawi, ndiye podandaula timasowa pogwira. Kenako anatchula zimene anataya: magolosale atatu anakagula buledi kwina.

Pomaliza analemba kuti: "Bwana, tikupempha mutiyankhe polemba pasanathe masiku 7, mutiuze chimene chikuchedwetsa katundu ndi mmene mukonzere. Galimoto ikamachedwa, mutidziwitse kutatsala tsiku limodzi. Zikachitikanso mwezi uno, theka la oda yathu tidzapereka kwa ena."

Anali atafunsa kale mitengo kwa wogulitsa wina asanalembe chiganizo chomalizacho.