Funso limodzi, mayankho osiyana: Google yanga ndi yanu zikusemphana pati?

Mkangano wa “ine ndaona pa Google” sukutha m'magulu athu a WhatsApp kuno kwa Ngokwe. Wina atumiza chithunzi cha zomwe wapeza, mnzake alemba mawu omwewo pa foni yake, n'kupeza zina. Kenako kuyamba kunenana kuti wina akunama, kapena kuti foni yake ndi yachabechabe. Nthawi zambiri palibe amene akunama. Google siyankha mawu okhawo amene mwalemba. Imaonanso komwe muli, chiyankhulo cha foni yanu, ndi zomwe munasakapo kale. Ndikufuna tizione chimodzichimodzi, chifukwa mukadziwa chomwe chikusintha mayankho, mudziwanso chomwe mungabise ndi chomwe simungathe kubisa.

Chachikulu kuposa zonse ndi malo. Tiyerekeze ndi anthu atatu apachibale. Woyamba ali pa msika wa Ngokwe ndi simu ya Airtel kapena TNM. Wachiwiri ali kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kumalire, ndipo intaneti yake ikudzera pa simu ya Movitel ya ku Mozambiki, monga amachitira ena m'madera a m'malire. Wachitatu ndi mchimwene wawo amene ali ku Joni. Onse alembe `dollar rate today`. Woyamba ayembekezere kuona dola poyerekeza ndi kwacha, wachitatu aona randi, ndipo wachiwiri akhoza kuona metikali ngakhale miyendo yake ili pa dothi la Malawi. Akalemba `Wanderers`, wa kuno aona kaye timu yathu ya Manoma, pomwe wa ku Joni akhoza kuona bwalo la masewero a kiriketi la Wanderers lomwe lili mu mzinda wa Johannesburg.

Nanga Google yadziwa bwanji komwe aliyense ali? Foni iliyonse ikalowa pa intaneti imapatsidwa nambala yotchedwa adiresi ya IP, ndipo nambalayi imachokera ku kampani ya netiweki. Simu ya Movitel imakupatsani nambala ya ku Mozambiki, ndiye Google imaganiza kuti muli tsidya lija, m'dziko la eni ake. Kale anthu ankazemba izi polemba `google.mw`, koma kuyambira mu Okutobala 2017 Google inasintha: dziko la mayankho limatengera komwe ikuganiza kuti muli, osati adiresi yomwe mwalemba.

Ngakhale ndi simu ya kuno, nambala ya IP siiuza Google kuti muli kwa Ngokwe. Intaneti ya pa foni imakatulukira ku makina a kampani omwe ali m'mizinda ikuluikulu, choncho Google imangoganiza kuti muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre. N'chifukwa chake mukalemba `pharmacy near me` mutazimitsa `Location`, imakuonetsani malo ogulitsira mankhwala a ku Limbe ngati kuti mungapiteko wapansi. Mukayatsa `Location` n'kuilola Google kuigwiritsa ntchito, foni imapeza malo anu enieni kudzera pa GPS ndi nsanja za netiweki, ndipo mayankho amayandikira kwathu kuno, ku Ntaja kapena ku Liwonde. Apa ndiye pali kusinthana koyamba: yankho lolondola mwaligula ndi kuulula pomwe mwaima.

Pali njira yosavuta yodziwira komwe Google yakuikani. Mukasaka chinthu pa Chrome, tsikirani pansi penipeni pa tsamba la mayankho. Pamalembedwa dzina la dera, ndi mawu osonyeza komwe yalitenga, monga `From your IP address` kapena `From your device`. Musanakangane ndi mnzanu, yerekezani kaye mzere umenewo pa mafoni awiriwo. Mikangano yambiri ithera pomwepo. Ngati mukugwiritsa ntchito simu ya tsidya lija koma mukufuna mayankho a ku Malawi, lowani pa `Settings` ya Google, pezani `Language & region`, musankhe Malawi.

Chachiwiri ndi chiyankhulo. Foni yomwe inagulidwa ku Mozambiki n'kusiyidwa pa Chipwitikizi imakoka masamba a Chipwitikizi, pomwe yomwe ili pa Chingerezi imakoka a Chingerezi. Ili si vuto la chinsinsi ayi, ndi batani chabe lomwe mungasinthe pamalo omwe aja.

Chachitatu ndi chomwe anthu amaopa kwambiri: mbiri ya zomwe munasakapo. Mu Disembala 2009 Google inalengeza kuti iyamba kusintha mayankho molingana ndi zomwe munthu anasakapo, ngakhale kwa amene sanalowe mu akaunti. Patatha zaka ziwiri, mu 2011, Eli Pariser wa ku Amerika anatulutsa buku lotchedwa The Filter Bubble, lochenjeza kuti aliyense adzatsekeredwa m'kadziko kakekake, kumangoona zomwe amagwirizana nazo kale. Koma ofufuza a ku Northeastern University atayeza nkhaniyi mu 2013, anapeza kuti mayankho a Google omwe ankasiyana chifukwa cha munthu wosakayo anali pafupifupi 12 pa 100 alionse, ndipo zomwe zinkasiyanitsa zinali ziwiri: kulowa mu akaunti, ndi adiresi ya IP. Ndiye kuti pa Google, mbiri yanu imasuntha zinthu pang'ono chabe. Tsamba lomwe mumalitsegula kawirikawiri limakwera m'mwamba, ndipo mawu omwe munalembapo amabwera okha mukangoyamba kulemba.

Pa TikTok, Facebook ndi YouTube nkhani ndi ina. Kumeneko mbiri yanu ndiye mtima wa zonse. Kanema amene mwamuonera mpaka kumapeto, amene mwamudumpha, magulu omwe mulimo, anzanu omwe mumacheza nawo, zonsezo zimawerengedwa. Tiyerekeze kuti ndi nyengo yogulitsa nandolo, ndipo anthu awiri alemba `mtengo wa nandolo` pa Facebook. Amene ali m'magulu a mavenda aona zolemba za ogula, omwe amafuna mtengo utsike. Amene amatsatira magulu a alimi aona mitengo yomwe alimi akufuna. Aliyense achoka ndi chikhulupiriro choti “aliyense akunena mtengo uwu”, pomwe waona mbali imodzi yokha. Ndiye musanagulitse thumba lanu potengera zomwe mwaona, onani tsiku lomwe uthengawo unalembedwa, msika womwe ukunenedwa, ndipo mufunse wina amene sali m'magulu anu asake mawu omwewo.

Palinso kusiyana kwina komwe sikukhudza inu n'komwe. Google imayesa masanjidwe atsopano pa anthu ena okha, ndipo nkhani zatsopano zimasintha mayankho pa ola lililonse. Chithunzi cha m'mawa ndi cha madzulo zikhoza kusiyana pa foni imodzimodziyo.

Tsopano za chinsinsi. Kwa ife kuno, ngozi yapafupi si bwana wina wa ku California. Ndi foni yobwerekana. Foni imodzi imadutsa m'manja mwa amayi, achemwali, chibwenzi ndi mnzanu wofuna kuona zigoli. Mtsikana akasaka `signs of pregnancy`, kapena mnyamata akasaka za kuyezetsa magazi, mawuwo amasungidwa mu akaunti pansi pa `Web & App Activity`. Mawa wina akangogwira pa bokosi losakira, mawuwo amaonekera okha, pambali pake pali kachizindikiro ka wotchi. Onjezani apa chizolowezi chathu chotsegulitsa akaunti ya Gmail kwa wokonza mafoni. Ngati pasiwedi simunaisinthe, munthuyo angathe kuwerenga zonse zomwe mumasaka ali kwawo, foni yanu osaigwira n'komwe.

Tsegulani `myactivity.google.com` mudzionere nokha. Muona zomwe munasaka, tsiku lake ndi ola lake. Pamenepo mukhoza kufufuta chimodzichimodzi, kuzimitsa `Web & App Activity`, kapena kusankha `Auto-delete` kuti zizifufutika zokha pakatha miyezi 3, 18 kapena 36. Mu apu ya Google, mukagwira chithunzi cha akaunti yanu, pali batani lofufutira zomwe mwasaka m'mphindi 15 zapitazi, lothandiza musanapereke foni kwa wina. Chomwe mumataya mukazimitsa mbiri n'chochepa: mawu sadzibweretsanso okha, ndipo tsamba lomwe munaliona sabata yatha mudzalisaka nokha. Kwa ine ndi malonda abwino, makamaka pa foni yobwerekana.

Koma samalani ndi zinthu ziwiri zomwe zimapusitsa anthu. Choyamba, kuzimitsa batani limodzi sikutanthauza kuti zonse zazima. Mu 2018 atolankhani a Associated Press anaulula kuti Google inkasungabe malo a anthu omwe anazimitsa `Location History`, kudzera pa `Web & App Activity`, ndipo mu Novembala 2022 kampaniyi inavomera kulipira madola 391.5 miliyoni ku zigawo 40 za dziko la Amerika pa nkhani imeneyi. Chachiwiri ndi `Incognito`. Imathandiza kuti zomwe mwasaka zisatsale pa foniyo, ndiye pa vuto la kubwerekana ndi yabwino, bola musalowe mu akaunti yanu muli momwemo. Koma adiresi ya IP siibisa. Google ndi masamba omwe mwatsegula amaionabe, ndipo kampani ya netiweki imadziwabe masamba omwe mwalowa, pa simu yomwe munalembetsa ndi chiphaso chanu cha unzika. Amene ali pa Movitel akatsegula `Incognito` aonabe metikali.

Malo ndiye ovuta kubisa kotheratu. Mungazimitse GPS, Google n'kumangodziwa dziko ndi mzinda wongoyerekeza. Kuti mubise dzikolo pamafunika VPN, yomwe imadutsitsa intaneti yanu pa makina a m'dziko lina. Zikatero mayankho anu amakhala a m'dzikolo, intaneti imachedwa, ndipo eni VPN ndi amene amaona komwe mukulowa. Za ulere zambiri zimapeza ndalama pa malonda otsatsa ndi pa mbiri ya anthu omwe akuzigwiritsa ntchito, ndiye kuti mwathawa wina n'kukadzipereka kwa wina amene simukumudziwa.

Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, ndipo limapatsa munthu ufulu wodziwa zomwe kampani ikusunga zokhudza iye ndi kupempha kuti zikonzedwe kapena kufufutidwa. Koma lamulolo silingaletse mlongo wanu kuona zomwe munasaka usiku. Zimenezo zili m'manja mwanu. Sinthani pasiwedi yomwe wina anakupangirani, ikani `Auto-delete` pa miyezi 3, ndipo `Location` muziiyatsa pokhapokha pomwe funso lanu likufuna malo, monga posaka chipatala kapena njira. Pofunsa mtengo wa dola kapena zotsatira za Manoma, kudziwa kuti muli ku Malawi n'kokwanira.